Njala kapena chizolowezi? Mwana wa miyezi 6 akamadzuka usiku kufuna bere

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mayi amamva malangizo awiri otsutsana. Kusikelo amati mwana ayamwe usana ndi usiku, nthawi ina iliyonse imene wafuna. Kunyumba apongozi kapena anzake a pamjigo amati mwanayu wakula, kudzuka kanayi usiku umodzi ndi matama, mumuphikire phala lolimba madzulo agone mpaka kuche. Mayi amene watha theka la chaka osagonapo maola anayi otsatizana amamvetsera mbali zonse ziwiri maso ali psuu, osadziwa atsate ziti.

Onsewo akunena zoona, koma mwatheka. Mwana wa msinkhu umenewu amafunikadi kuyamwa usiku, ndipo ambiri amayamwa kamodzi kapena kawiri chifukwa cha njala yeniyeni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyambirira, kenako ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Komanso si kulira kulikonse kwa usiku kumene kumachokera m'mimba. Nkhani ino si ya kuletsa mwana kuyamwa ayi. Ndi ya kusiyanitsa maulendo amene mwana amadzukira chakudya ndi amene amadzukira kuti wina amubwezere kutulo, kenako n'kuchepetsa achiwiriwo pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi tulo. Munthu aliyense, wamkulu kapena khanda, sagona tulo tofa nato usiku wonse. Tulo timayenda m'magawo, tolemera kenako topepuka, ndipo kumapeto kwa gawo lililonse munthu amatsala pang'ono kudzuka. Wamkulu amangotembenuka, kukoka bulangeti, n'kupitiriza, m'mawa osakumbuka kanthu. Kwa khanda gawo limodzi limatenga pafupifupi ola limodzi, nthawi zina osakwana. Mwana amene amagona ali pabere tsiku lililonse, akafika pamalo opepuka aja n'kupeza m'kamwa mulibe kanthu, amafuna chimene chinamugonetsa chija. Sanakhale wamwano ndipo sakunyenga aliyense: njira yolowera kutulo imene akuidziwa ndi imodzi yokhayo. N'chifukwa chake mwana wina amadzuka ola lililonse kapena maola awiri alionse, pamene palibe mimba ya mwana wa miyezi 6 imene imafuna chakudya pafupipafupi chotero ngati wayamwa mokhuta.

Makolo amene akuganiza kuti mwana wawo yekha ndiye wovuta amve izi. Kafukufuku wa ku Canada amene anasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics anapeza kuti mwa ana 100 alionse a miyezi 6, pafupifupi 38 sankagona maola 6 otsatizana, ndipo oposa theka sankafika maola 8. Anawo ankakula bwinobwino ngati anzawo. Choncho mayi amene amagona pafupi ndi mwana wake m'neti, n'kumamuyamwitsa chogona osadzuka kwenikweni, ndipo m'mawa ali ndi mphamvu, alibe choti akonze. Zotsatirazi n'za amene kudzukako kwamufooketsa, amene amawodzera pantchito kapena pamoto.

Mmene mungadziwire njala

Kulira sikuuza zambiri. Chimene chimaulula ndi kayamwidwe. Mwana wanjala amatsegula kukamwa kwambiri, kugwira bere mwamphamvu, ndipo mkaka ukayamba kutsika chibwano chake chimatsika pansi, n'kuima kamphindi, n'kukweranso. Kaimidwe kameneko ndiye kuti m'kamwa mukudzaza mkaka. Usiku kuli zii mumamva kumeza kwake, kakaphokoso kofewa kapakhosi, pafupifupi akakoka kamodzi kapena kawiri kalikonse. Amachita zimenezi kwa mphindi zisanu, khumi kapena kuposa, bere limene linali lolemera limafewa, zibakera zimene anakunga zimamasuka, ndipo akagona amatha maola atatu kapena anayi.

Wofuna tulo amachita zina. Amakoka mwamphamvu kangapo, kenako milomo yokha ndi imene imagwedezeka mofulumira, ngati ikunjenjemera, kumeza kwa apo ndi apo. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu maso atseka. Mukachotsa bere msanga amadzidzimuka n'kulifunanso, osati kuti amwe koma kuti likhale m'kamwa. Ngati ndi botolo umboni umaonekera poyera: wamwa mamililita 30 kapena 40, otsalawo mwataya.

Pali mafunso enanso awiri othandiza. Loyamba: padutsa nthawi yaitali bwanji chiyamwire mokhuta? Ngati masana amapirira maola atatu, sizimveka kuti usiku njala imugwire patangotha ola limodzi. Lachiwiri: m'mawa akadzuka amalifuna bere? Mwana amene amadzuka m'bandakucha n'kumaseka, kukoka mkanda wa mayi ake, bere osalilabadira, ndiye kuti chakudya chake cham'mawa anadyeratu usiku.

Funso lachiwirili likutifikitsa pamene makolo ambiri amasokonezeka. Njala ndi chizolowezi si zinthu ziwiri zosiyaniranatu, chifukwa chizolowezi chimabala njala. Munthu amene anazolowera tiyi wa 10 koloko kuntchito amamva m'mimba kulira nthawi imeneyo ikakwana, ngakhale anadya m'mawa. Mwananso amene wakhala akupatsidwa mkaka 3 koloko usiku kwa milungu yambiri amamva njala 3 koloko, njala yoona. Chimene chachitika n'chakuti gawo la mkaka wake wa tsiku lasamukira usiku. Pa miyezi 5 ndi 6 zimenezi zimachitika mosavuta, popeza mwana wayamba kuona dziko: nkhuku ikadutsa amasiya bere, mkulu wake akaseka amatembenuka, wailesi ikalira amacheuka. Masana amangolawa, usiku kuli bata amabwezera. Mayi amene wabwerera kuntchito kapena amapita kumunda n'kusiya mwana ndi agogo amaona zomwezo, mwana amadikira bere la usiku. Mwana wotere mukangomumana usiku umodzi, mwamugoneka ndi njala. Mkakawo uyenera kuyamba wabwerera masana, ndipo n'chifukwa chake ntchito yonseyi imachitika pang'onopang'ono.

Musanayambe, tsegulani buku la kusikelo. Mzere wa kulemera kwa mwana uzikhala ukukwera mwezi ndi mwezi. Ana ambiri pofika miyezi 6 amakhala atawirikiza kawiri kulemera kumene anabadwa nako. Matewera onyowa azifika 6 pa tsiku, mkodzo wake wosada. Ngati mzere waima kapena ukutsika, ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, ngati akudwala kapena wangochira kumene, siyani zonsezi mukayambe mwakambirana ndi anamwino kapena alangizi a zaumoyo. Mayi amene akumwa ma ARV nayenso afunse kaye kuchipatala asanasinthe kayamwitsidwe kapena kuwonjezera mkaka wina. Dziwaninso kuti alangizi ena amakonda kuti mwana woyamwa bere asasiyiretu kuyamwa usiku asanathe chaka. Ine ndimaona kuti pa miyezi 6 cholinga chabwino ndi kutsika kuchoka pa maulendo anayi kapena asanu kufika pa umodzi kapena awiri, osati kufafaniza onse.

Chitsanzo cha usiku umodzi

Titenge mwana wamkazi wa miyezi 6 ndi milungu iwiri, woyamwa bere, wokula bwino, amene wangoyamba phala. Amagona 7 koloko madzulo ali pabere. Mayi ake kwa masiku atatu sakusintha kalikonse, akungoyang'ana nthawi pafoni n'kulemba kuseri kwa kope la mwana wasukulu. Zimene apeza ndi izi. Cha m'ma 9 koloko mwana amadzuka, kuyamwa mphindi ziwiri, n'kugona. Cha m'ma 11:30 amayamwa mphindi 12, mawere onse awiri, kumeza kukumveka. Cha m'ma 1 koloko mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Cha m'ma 3:30 amayamwa mphindi 8, akumeza ndithu. Pofika 5:30 wadzukiratu, koma bere sakulifuna.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Kwa 11:30 ndi chakudya, padutsa maola anayi ndi theka chiyamwire mokhuta, ndipo kumeneko sitikukhudza. Kwa 9 ndi kwa 1 koloko ndi tulo. Kwa 3:30 ndi njala yochita kuphunzira ija, kadzutsa amene wafulumira ndi maola awiri.

Sabata yoyamba ntchito yake ndi ya masana. Mayi aziyamwitsa maola awiri kapena atatu alionse, ndipo kawiri kapena katatu pa tsiku alowe naye m'chipinda chopanda phokoso kuti mwana ayamwe mpaka akhute, amalize bere limodzi asanapite ku linalo. Madzulo asinthe kachinthu kamodzi kakang'ono koma kamphamvu: bere lizibwera poyamba, kenako thewera, kanyimbo, ndiye pogona. Mwana akayamba kuwodzera pabere, mayi alowetse chala chaching'ono pakona ya milomo kuti asiye, amunyamule paphewa, amugoneke chagada akadali m'maso pang'ono, dzanja lili pachifuwa pake. Masiku oyamba adzadandaula. Munyamuleni, atonthole, mumugonekenso. Chimene akuphunzira n'chakuti kutulo kumalowekanso popanda bere m'kamwa, ndipo zimenezi zokha nthawi zina zimachotsa kudzuka kumodzi kapena kuwiri popanda kuchita china.

Sabata yachiwiri ndi ya kudzuka kwa 9 koloko. Tayambira pamenepa chifukwa akuluakulu amakhala asanagone, mitu ili bwino, ndipo mwana wakhuta posachedwa. Akalira dikirani kamphindi, pakuti ana ena amang'ung'udza ali m'tulo n'kupitiriza okha. Akapitiriza, apite bambo, azakhali kapena agogo, osati mwini bere. Mwana amamva fungo la mkaka, ndipo kumuuza kuti ayi ali pachifuwa chomwecho n'kumuzunza. Woterayo amusisite kumsana, amuyimbire motsitsa mawu, akalephera amunyamule kapena amubereke n'kuyenda naye m'chipinda, nyale osayatsa. Usiku woyamba zingatenge mphindi 20 kapena kuposa, wachitatu nthawi zambiri zimafupika. Bambo amene amati ana ndi a amayi, apa ndiye pamene dzanja lake limaposa la mayi, ndipo palibe chifukwa chodzikhululukira. Kudzuka kwa 9 kukatha, dikirani masiku atatu kapena anayi, ndiye muchite chimodzimodzi ndi kwa 1 koloko. Kumeneku n'kowawa chifukwa aliyense ali ndi tulo, ndipo m'nyumba ya chipinda chimodzi, kapena ya lendi yogundizana khoma ndi anzanu, mtima umafuna kungotseka kukamwa kwa mwana ndi bere. Sankhani masiku amene mawa lake kulibe ntchito yolawirira.

Kwa 3:30 sitidula, timafupikitsa. Masiku awiri mphindi 6, masiku awiri otsatira mphindi 4, kenako mayi angomutonthoza osayamwitsa. Usiku uliwonse akachotsa bere amugoneke monga amachitira madzulo. Chizindikiro chakuti zikuyenda chimaoneka m'mawa: mwana uja amene ankasewera ndi mkanda tsopano 5:30 amagwira bere ndi manja awiri. Mkaka wabwerera kwawo. Pakutha pa milungu itatu kapena inayi mwanayu akuyamwa 7 koloko, 11:30 ndi m'bandakucha, ndipo mayi akugona maola asanu kapena kuposa osadzuka. Kwa 11:30 kusiyeni, kudzatha kokha m'miyezi ikubwerayi chakudya chikachuluka.

Bwanji ngati mwana alira mosatonthozeka, akufunafuna ndi kukamwa, akuyamwa zala, ndipo padutsa mphindi zambiri? Muyamwitseni. Ngati ameza mwamphamvu, ndiye kuti munawerenga molakwa kapena mwafulumira. Bwererani pa sitepe ya dzulo, mukhalepo masiku angapo. Choipa ndi kumulekerera alire theka la ola tsiku lililonse kenako n'kumupatsa bere, chifukwa pamenepo waphunzira kuti bere limabwera ukalira nthawi yaitali.

Kwa mwana wa botolo njira ndi yomweyi, koma muyeso ndi mamililita. Ngati amamwa 150 pa ulendo umene mukufuna kuchotsa, mupatseni 120 masiku awiri, kenako 90, kenako 60, ndipo akafika pa 60 mukhoza kusiya n'kumangomutonthoza. Zimene mwachotsa usiku muziwonjezere m'mabotolo a masana. Chepetsani madzi ndi ufa pamodzi monga chitini chikunenera. Musasungunule mkaka ndi madzi ambiri poganiza kuti mwana anyansidwa nawo: mkaka wamadzimadzi sumupatsa chakudya, ndipo madzi ochuluka amasokoneza mchere wa m'magazi a khanda. Musakulitsenso bowo la botolo kuti muthiremo phala, mwana akhoza kutsamwa. Tiyi ndi madzi a shuga asalowe m'malo mwa mkaka.

Nanga phala la apongozi lija? Pa miyezi 6 mwana ayambedi kudya, kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masipuni aakulu awiri kapena atatu n'kumawonjezera mpaka theka la kapu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena kamafuta, kapena Likuni Phala, likhale lolimba moti silikuyenderera pasipuni. Koma m'milungu yoyambirira masipuni amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi mkaka, ndipo phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba popanda mphamvu zokwanira. Mwana wokhutitsidwa phala lotere madzulo amakana bere logonera, ndiye amadzuka 10 koloko ali ndi njala yoposa kale. Yambani ndi bere, phala pambuyo, ndipo phala lamadzulo lidyedwe dzuwa lisanalowe. Komanso phala silichiza kudzuka kwa 1 koloko kuja, popeza sikunali kwa njala.

Mayi nayenso ali ndi thupi

Mawere amapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa, ndipo timadzi ta m'thupi timene timalamula kupanga mkaka timachuluka usiku. Mukadula maulendo atatu pakamodzi, bere limatupa n'kuuma gwa, ndipo patapita masiku mkaka umachepa. Kuchotsa ulendo umodzi pa nthawi kumapatsa thupi mpata wosintha. Bere likalemera usiku, finyani pang'ono ndi dzanja mpaka ululu uchepe, osalikhuthula lonse, kuopa kuliuza kuti lipangenso wochuluka nthawi yomweyo. Mukaona chotupa cholimba, chotentha ndi chopweteka, thupi likuphwanya ngati malungo, pitani kuchipatala ndipo musasiye kuyamwitsa mbali imeneyo.

Pali nkhani ina imene ambiri amaidziwa mimba italowa kale. Kuyamwitsa kumateteza kutenga pakati pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, mayi sanayambirenso kusamba, ndipo mwana akuyamwa bere lokha pafupipafupi, osadutsa maola anayi masana kapena 6 usiku. Mwana wa m'chitsanzo chathu wadutsa miyezi 6, wayamba phala, ndipo usiku akutalikitsa. Chitetezo chija chatha, ngakhale msambo usanabwere. Ulendo wa kusikelo wa mwezi umenewo ukhalenso wokasankha njira yolera.

Nthawi yoimitsa zonse

Mwana amene anali atayamba kugona bwino akayambiranso kudzukadzuka mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti wayambiranso matama. Mugwireni pamphumi ndi pamimba. Thupi likatentha, kuno kwathu timayamba taganizira malungo, ndipo mwanayo akayezedwe tsiku lomwelo, osangoti ndi mano. Mano amatupitsa nkhama, kuchulukitsa dovu ndi kusowetsa mtendere masiku angapo, koma sabweretsa kutentha thupi kwambiri kapena kutsegula m'mimba kosalekeza. Mwana wodwala khutu amalira kwambiri akagonekedwa, wa chimfine amasiyasiya bere kuti apume. Wotsegula m'mimba kapena wosanza ayamwe nthawi iliyonse, usiku ndi usana, osawerenga mphindi. Liwombo likalowa, maso akalowa, mkodzo ukasowa, akamapuma mofulumira kapena kukana bere n'komwe, musadikire kuti kuche.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, nyumba ya malata imasunga kutentha mpaka pakati pa usiku, ndipo mwana amadzuka ndi ludzu. Kuyamwa kwa mphindi zitatu kumene mu Juni tikanati n'chizolowezi, usiku wotere n'kumwa madzi. Muvuleni zovala zochuluka, muyamwitseni, ndipo zochepetsazo mudzayambe mvula ikagwa. Chimodzimodzi sabata imene mwasamuka nyumba, muli pamaliro, kapena mayi wangoyamba ntchito. Mwana akachira kapena zinthu zikakhazikika, maulendo ena amene munachotsa adzakhala atabwerera. Tengani kope lija, lembaninso masiku atatu, ndipo muyambe ndi ulendo umene mphindi zake n'zochepa kwambiri.